Madzi ofooka m'mwamba, pansi ali ndi mphamvu: yezani msinkhu musanagule pampu

Dandaulo lake ndi lomwelija m'nyumba zosanja zambiri. Pansi, mukatsegula mpope wa kukhitchini madzi amachita kuthovoka mpaka kukunyowetsani malaya, koma kubafa yam'mwamba akungoti tsororo, ndowa kudzaza mutatopa ndi kudikira. M'mawa anthu akamakonzekera kupita kuntchito shawa yam'mwamba imangopuma mpweya, ndiye pakati pa usiku, popanda wosamba, madzi n'kubwera bwinobwino. Eni nyumba ambiri amathamangira chimodzi mwa zinthu ziwiri: thanki yaikulu kuposa imene ilipo, kapena pampu. Thanki yaikulu pa vuto limeneli ndi ndalama zongotaya. Pampu nthawi zina imathandizadi, koma pali zoti muyeze kaye, ndipo zida zake ndi tepi ya amisiri, ndowa ndi wotchi ya pafoni.

Chimene chimakankha madzi pampope

Mphamvu ya madzi, imene apulambala amangoti pulesha, imachokera ku kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pa malo amene mukuyezapo. Mukasanjikiza matumba a chimanga, la pansi limasenza onse, la pakati limasenza ochepa, la pamwamba silisenza kanthu. Madzi a m'paipi yoimirira amachita chimodzimodzi. Mpope wa pansi uli ndi madzi ambiri pamwamba pake, wa m'mwamba uli ndi ochepa, ndipo mpope umene uli pa msinkhu wofanana ndi pamene madzi alekezera m'thanki sutulutsa kanthu ngakhale mutautsegula mpaka kumapeto.

Ophunzira sayansi amalemba motere:

```
P = ρ × g × h
P = 1000 × 9.81 × 3 = 29,430 Pa ≈ 0.3 bar
```

Apa P ndi mphamvu ya madzi, h ndi msinkhu wa madzi m'mamita, 1000 ndi makilogalamu a madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, ndipo 9.81 ndi mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Ndaikapo mamita 3 chifukwa ndi pafupifupi mtunda wochoka pa simenti ya pansi kufika pa simenti ya chipinda cham'mwamba m'nyumba zambiri. Koma pa ntchito simufunika kuwerengetsa zonsezi. Sungani chimodzi chokha: mamita 10 a madzi ndi pafupifupi 1 bar, muyeso umene umalembedwa pa geji ya pulesha. Choncho mita imodzi iliyonse imene mwakwera yadya 0.1 bar, ndipo kukwera kuchoka pansi kupita chipinda cham'mwamba kwadya 0.3 bar. Zimenezi sizikusonyeza kuti china chawonongeka. Paipi ikhale yatsopano, pulambala akhale katswiri, 0.3 bar imeneyo idzapitabe.

Pali chinthu chimene anthu ambiri amakana kuchikhulupirira mpaka ataona okha: kukula kwa thanki sikulowa m'masamuwa. Thanki ya malita 1,000 ndi ya malita 10,000, ngati madzi alekezera pa msinkhu umodzi, zimapereka mphamvu yofanana ndendende pa shawa yanu. Katswiri wa masamu Simon Stevin anazifotokoza kale zimenezi mu 1586, kuti chimene chimawerengedwa ndi kuya kwa madzi, osati kuchuluka kwake kapena maonekedwe a chotengera. Thanki yaikulu imakupatsani masiku ambiri madzi akasiya kubwera, basi. Kutalika kwa paipi yoyenda chogona nakonso sikuwonjezera msinkhu. Thanki ikhale kuseri kwa nyumba kapena kumapeto kwa mpanda, chimene muyeze ndi mtunda woongoka wochoka pamene madzi alekezera m'thanki kutsika kufika pa kamwa ya mpope.

Nyumba imodzi, tiiwerengere

Tiyerekeze nyumba yosanja kamodzi pa malo athyathyathya. Simenti ya pansi yakwera theka la mita kuchoka pa dothi. Chipinda cham'mwamba chili mamita 3 pamwamba pa simenti imeneyo, ndipo mutu wa shawa wapachikidwa mamita 2 pamwamba pa pamene wosamba amaima. Ndiye kuti shawa yam'mwamba ili mamita 5.5 kuchoka pa dothi, pamene shawa ya pansi ili mamita 2.5. Kunja kuli thanki ya malita 5,000 pa nsanja ya chitsulo ya mamita 6, ndipo ikadzaza madzi amaima mamita 2 m'kati mwake.

Munthu akaima panja n'kuyang'ana thankiyo amaona ngati ili kumwamba kwambiri, ndipo ndi pamene chinyengo chimayambira. Thanki itadzaza, madzi alekezera pa mamita 8. Shawa ya pansi ili ndi mamita 5.5 a madzi pamwamba pake. Yam'mwamba ili ndi mamita 2.5 okha. Madzi akatsala pang'ono kutha m'thanki, shawa ya pansi imakhalabe ndi mamita 3.5, koma yam'mwamba imatsala ndi theka la mita.

Onani kuti kusiyana kwa mashawa awiriwa ndi mamita 3 nthawi zonse, koma kupweteka kwake sikofanana. Kutsika kwa madzi m'thanki kwachotsa mamita 2 kwa onse awiri. Wosamba pansi angoona kuti madzi afookako pang'ono. Wosamba m'mwamba wataya magawo anayi mwa asanu a mphamvu imene anali nayo. N'chifukwa chake m'nyumba zotere anthu am'mwamba ndi amene amayamba kudziwa kuti thanki ikutha, a pansi akadali osadziwa kanthu. Ngati vuto lanu limakula thanki ikamachepa n'kuchepa thanki ikadzaza, musavutike kufunafuna kwina, ndi msinkhu.

Tsopano tiyerekeze kuti nyumba yomweyi ikumwa mwachindunji ku paipi ya a wotabodi, osadzera m'thanki. Mwamanga geji pa mpope wa panja, umene uli theka la mita kuchoka pa dothi, mipope yonse ya m'nyumba ili yotseka. Usiku pakati geji ikuonetsa 1.8 bar. M'mawa cha m'ma 6 koloko, dera lonse likutunga, ikuonetsa 0.7 bar. Tanthauzo la manambala amenewa ndi losavuta: usiku madzi angathe kukwera mamita 18 kuchoka pa mpope umenewo, m'mawa mamita 7 okha. Shawa yam'mwamba ili mamita 5 pamwamba pa mpope wa panja, ndiye usiku imatsala ndi mamita 13, m'mawa ndi mamita 2. Nyumbayo ikanakhala yosanja kawiri, shawa ya pamwamba penipeni ikanakhala mamita 8 pamwamba pa mpopewo, ndipo m'mawa madzi akanaima m'paipi mita imodzi asanafike, anthu a pansi akusamba mosadandaula. Madzi alipo, koma alekezera m'khoma.

Masamu omwewa akukuuzaninso chifukwa chimene thanki imadzaza usiku wokha. Polowera madzi m'thanki ija pali mamita 7.5 pamwamba pa mpope wa panja, ndipo mphamvu ya m'mawa imalekezera pa mamita 7.

Mzinda wonse umakhala pansi pa lamulo lomweli. Madzi ambiri a mu Blantyre amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry ndipo amakwezedwa ndi mapampu pafupifupi mamita 800 kuti afike m'matanki a mumzinda, kenako amatsikira m'nyumba ndi kulemera kwawo. Nyumba ya m'munsi mwa phiri ndi ya pamwamba pake zili ngati chipinda cha pansi ndi cham'mwamba cha nyumba imodzi yaitali. Ngati ploti yanu ili pamtunda kuposa ya anzanu, mumayamba kale ndi ngongole ya msinkhu madzi asanalowe n'komwe pa geti.

Msinkhu kapena kukhulana? Apa ndi pogona nkhani

Madzi akamayenda m'paipi amakhulana ndi makoma a paipiyo, ndipo pa elibo iliyonse, pa tii, pa valavu, amataya mphamvu ina. Kutaya kumeneku n'kosiyana ndi kwa msinkhu pa chinthu chimodzi chimene chimakuthandizani kuzindikira vuto: msinkhu umadya mphamvu nthawi zonse, mipope itsekedwe kapena itsegulidwe, pamene kukhulana kumadya madzi akamayenda pokhapokha. Madzi ataima, kukhulana kulibe.

Ndiye yezani kawiri. Koyamba, mipope yonse ili yotseka. Kachiwiri, mpope wina uli wotsegula.

Ngati madzi anu ndi ochokera kwa a wotabodi, geji yomangira pa mpope ikwanira. Yezani pa mpope wa panja, kenako pa mpope wam'mwamba, motsatizana kuti nthawi isasiyane kwambiri. Kusiyana kwake kuyenera kufanana ndi msinkhu umene mwayeza ndi tepi. Mamita 4 pakati pa mipope iwiriyo, geji isiyane ndi 0.4 bar. Zikatero, mapaipi alibe mlandu pa madzi oima. Kusiyanako kukaposa pamenepo mipope yonse ili yotseka, ndiye kuti madzi akuyenda kwinakwake inu osadziwa, kapena pali mpweya wotsekeredwa m'paipi. Pitani mukayang'ane mita ya madzi. Ngati ikuzungulira, pali podontha, ndipo woyamba kumukayikira ndi thanki ya chimbudzi imene imangolowetsa madzi osaleka.

Pa madzi a m'thanki geji wamba siithandiza kwenikweni, chifukwa singano ya geji yofika 10 bar imangogwedezeka pang'ono pa mamita 2. Bwerekani kwa womanga nyumba paipi yoonekera m'kati imene amayezera levulo. Imangeni bwino pa mpope wam'mwamba, kwezani mapeto ake pakhoma mpaka kudenga kapena kutulukira pawindo kupita m'mwamba, tsegulani mpopewo. Madzi adzakwera m'paipimo n'kuima pa msinkhu womwewo umene aima m'thanki. Yezani ndi tepi kuchoka pa mutu wa shawa kufika pamene aima. Umenewo ndiye msinkhu wonse umene shawa yanu ili nawo, mukuuona ndi maso, ndipo palibe wokutsutsani.

Musachotse paipiyo msanga. Tumani mwana akatsegule mpope wa kukhitchini pansi, inu muziyang'ana. Madzi a m'paipi yoonekera ija akatsika masentimita ochepa, paipi yochoka ku thanki ndi yokwanira. Akatsika mita yathunthu kapena kuzimiririka, mwagwira wakuba: paipi imene mipope ya pansi ndi yam'mwamba ikugawana ndi yopapatiza, kapena yatsekeka.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, tibwerere ku nyumba yathu ija. Shawa yosamba momasuka tiyerekeze kuti ikufuna malita 12 pa mphindi. Madzi ochuluka chotero akamadutsa m'paipi ya mamilimita 15 m'kati, yotalika mamita 20, amataya msinkhu woposa mamita 2 pokhulana, tisanawerengere maelibo ndi mavalavu. Shawa yam'mwamba inali ndi mamita 2.5 thanki itadzaza. Paipi yokha yamaliza pafupifupi zonse, choncho malita 12 aja sadzafika. Madzi adzachepa okha mpaka kutaya kwake kukwanirane ndi msinkhu umene ulipo. Paipi yomweyo ikanakhala ya mamilimita 25 m'kati, ikanataya masentimita pafupifupi 20 okha. Kukula kwa paipi kuli ndi mphamvu yodabwitsa chotero. Komanso madzi odutsa akawirikiza kawiri, kutaya kumawirikiza pafupifupi kanayi, ndipo n'chifukwa chake mpope wachiwiri ukatsegulidwa pansi, shawa yam'mwamba imafa, nthawi zina mpaka kuyamba kukoka mpweya.

Chenjerani pogula. Mapaipi a pulasitiki monga PPR amatchulidwa ndi muyeso wa kunja. Yolembedwa 20 imakhala ndi mamilimita pafupifupi 13 kapena 14 m'kati, chifukwa khoma lake ndi lochindikala. Wina amachotsa paipi yakale ya hafu inchi n'kuika ya 20 poganiza kuti wakulitsa, pamene sanasinthe kanthu. Komanso PPR imalumikizidwa pootcha, ndipo wolumikiza akaitenthetsa mopitirira kapena kuikankha kwambiri, pulasitiki yosungunuka imapanga mkombero m'kati n'kutseka theka la njira. Kunja mfundoyo imaoneka yokongola. Mapaipi akale a chitsulo nawo amadzaza dzimbiri m'kati mpaka kutsala kabowo kakang'ono. Chizindikiro chake ndi madzi ofiirira poyamba kutsegula m'mawa, komanso mpope umene umalavula mwamphamvu kwa kamphindi kenako n'kufooka. Kulavula koyambako ndi mphamvu ya madzi oima, kufookako ndi kukhulana.

Ngati ndi mpope umodzi wokha

Musanaganize zokumba kapena kugumula khoma, yerekezani mipope ya pa msinkhu umodzi. Tengani ndowa ya malita 20, muone nthawi imene imatenga kudzaza pa mpope uliwonse wam'mwamba, kapena botolo la malita awiri pa mipope ya sinki imene ndowa singalowe. Ngati yonse ndi yofooka mofanana, vuto lili pa msinkhu kapena pa paipi yokwera. Ngati umodzi wokha ndi umene ukutsalira, vuto lili pa mpope womwewo. Masulani kasefa ka pakamwa pa mpope, mudzapezamo mchenga ndi tizidutswa ta tepi yoyera yomangira mapaipi. Masulani mutu wa shawa muone mmene madzi akutulukira popanda mutuwo. Akatuluka bwino, uviikeni mutuwo mu viniga usiku wonse kuti zoyera zimene madzi a pachitsime amasiya zisungunuke. Onaninso kavalavu ka pansi pa sinki ndi kapaipi kofewa kolumikizira, kamene kamapindika kakakhotetsedwa kwambiri. Geti valavu yakale nayo imatha kuthyoka m'kati, chogwirira chikuzungulira bwinobwino koma chitseko chake chitakakamira pakati.

Mitu ina ya shawa ndi mipope ina yosakaniza madzi otentha ndi ozizira inapangidwira madzi amphamvu, ndipo pa katoni pamalembedwa mphamvu yochepetsetsa imene imafuna, ina 1 bar. Ameneyo ndi mamita 10 a madzi. Kuika chinthu chotero pansi pa mamita 2.5 ndi kudzinamiza. Mutu wamba wa mabowo akuluakulu, wotsika mtengo, umasambitsa bwino kuposa wonyezimira waukulu uja. Mashawa otenthetsa madzi pompopompo ndi magetsi nawo amakana kuyaka madzi odutsa akachepa.

Ngati ofooka ndi madzi otentha okha, yezani msinkhu wa giza. Giza ya dzuwa yopanda pulesha imene ili padenga imapereka madzi ndi msinkhu wake wokha, ndipo kuchoka padenga kufika pa shawa yam'mwamba pangakhale mita imodzi kapena awiri basi, ngakhale madzi ozizira atakhala amphamvu. Pa mpope wosakaniza, ozizira amphamvuwo amagonjetsa otentha, n'kumaoneka ngati giza sikutenthetsa.

Mpweya m'paipi

Vuto ili limabwera thanki ikatha n'kudzazanso, kapena madzi akasiya tsiku lonse n'kubwerera. Pansi zonse zili bwino, m'mwamba mpope ukutsokomola kapena uli zii, chonsecho dzulo unkatuluka. Mpweya walowa m'paipi n'kukakhala pamalo pamene paipi imakwera kenako n'kutsika, monga pamene yalumpha mtanda wa kudenga. Madzi amphamvu akanaukankha n'kuutulutsa, koma mamita 2 a msinkhu sangathe, ndipo ndi chifukwa chake vutoli limakonda m'mwamba.

Kuuchotsa, lumikizani ndi hozipaipi mpope wa madzi a wotabodi, pa nthawi imene ali ndi mphamvu, ku mpope wa madzi ozizira umene watsekekawo. Tsegulani wotsekekawo, kenako wamphamvuwo, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Madzi adzayenda chobwerera n'kukankhira mpweyawo m'thanki, ndipo mudzamva kubwibwita. Izi sizitheka ngati panjira pali valavu yoletsa madzi kubwerera. Vutoli likamabwerezabwereza, paipi ndiyo yoyalidwa molakwika. Iyenera kutsika mosalekeza kuchoka ku thanki, kapena pa nsonga imeneyo paikidwe kapaipi kotulutsira mpweya kokwera kupitirira pamene madzi amalekezera m'thanki.

Kukonza, kuyambira chotsika mtengo

Mukapeza kuti vuto ndi kukhulana, sinthani paipi yochoka ku thanki kufika pamene imagawikira, muike ya mamilimita 25 m'kati kapena kuposa, ndipo onetsetsani kuti potulukira pa thanki ndi valavu yake nazonso ndi zazikulu chimodzimodzi. Paipi yaikulu yomangidwa pa kabowo ka hafu inchi yataya phindu lake lina pomwepo. Ine ndimakonda kuti chipinda cham'mwamba chikhale ndi paipi yakeyake kuchokera pa thanki penipeni, yosagawana ndi khitchini ndi kochapira. Zikatero, wotsuka mbale pansi sangathe kuzimitsa shawa ya wina. Ngati ndalama sizikulola pakali pano, tsekani pang'ono valavu yopita ku mipope ya pansi. A pansi ali ndi mphamvu yotsala, ndipo akamakoka madzi ochepa, am'mwamba amapuma.

Mukapeza kuti vuto ndi msinkhu, paipi yaikulu siingawonjezere ngakhale sentimita imodzi. Pamenepo njira ndi ziwiri, kukweza thanki kapena kuika pampu. M'nyumba yathu ija, nsanja ikachoka pa mamita 6 kufika pa 9, shawa yam'mwamba idzakhala ndi mamita 5.5 thanki itadzaza ndi 3.5 ikamatha, zimene shawa ya pansi inali nazo poyamba. Musayembekezere zodabwitsa: liwiro la madzi potuluka silikwera mofanana ndi msinkhu, pamafunika msinkhu wowirikiza kanayi kuti madzi otuluka awirikize kawiri. Kuchoka pa 2.5 kufika pa 5.5 kudzawonjezera madzi ndi pafupifupi theka la amene analipo. Phindu lalikulu lili thanki ikamatha, pamene theka la mita lija lasanduka mamita 3.5.

Kukweza thanki kuli ndi mitengo iwiri. Woyamba, madzi a wotabodi ayenera kufikako. Polowera tsopano pali mamita 10.5 pamwamba pa mpope wa panja, ndiye pakufunika mphamvu yoposa 1.05 bar. M'nyumba yathu usiku umapereka 1.8 bar, choncho thanki idzadzazabe, koma kumene usiku geji imalekezera pa 1 bar thanki yokwezedwayo idzakhala youma. Yezani usiku musanaitane wowotcherera. Wachiwiri ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita 5,000 ndi matani 5 ali m'mwamba mamita 9, mphepo ikuwomba. Kulumikiza zitsulo zina pamwamba pa nsanja yakale si njira. Maziko ndi miyendo ziyenera kuwerengedwanso ndi wodziwa za zomangamanga. N'chimodzimodzinso kuika thanki pa silabu ya padenga. Thanki yaing'ono yothandiza chipinda cham'mwamba chokha, yoikidwa pamwamba kwambiri, nthawi zambiri ndi yanzeru kuposa kukweza yaikulu.

Za pampu. Kumene madzi a wotabodi sakwera mokwanira, dongosolo lodalirika ndi thanki ya pansi imene imadzaza ngakhale ndi madzi ofooka, pampu yokweza madzi kuchoka mmenemo, ndi thanki ya pamwamba yokhala ndi switchi yoyandama yozimitsa pampu ikadzaza. Ubwino wake, magetsi akathima madzi amatsikabe okha. Njira ina ndi pampu yowonjezera mphamvu yoikidwa potuluka pa thanki, imene imayaka yokha mpope ukatsegulidwa. Imasambitsa bwino kwambiri, koma magetsi akapita mumabwerera pa msinkhu wanu wakale, choncho pakhale paipi yolambalala pampuyo yokhala ndi valavu yoletsa madzi kubwerera. Iyeneranso kukhala ndi chitetezo choizimitsa thanki ikauma, chifukwa pampu yozungulira popanda madzi imapsa. Ndipo ngati muli ndi giza ya dzuwa yopanda pulesha, madzi a pampu asalowemo mwachindunji.

Chimene simuyenera kuchita ndi kumanga pampu pa paipi ya wotabodi penipeni kuti izikoka. Imalanda madzi a anansi, ndipo ikatsitsa mphamvu m'paipi ya mumsewu, pamalo pamene paipiyo inali kudontha pamayamba kuyamwa madzi a m'dothi, amene m'madera ambiri ali pafupi ndi zimbudzi zokumba.

Pogula, werengani kachitsulo kolembedwa pa pampu. Mudzaona H max ndi Q max, mwachitsanzo mamita 35 ndi malita 35 pa mphindi pa timapampu tating'ono tambiri. Manambala awiriwa sabwera pamodzi. Pa mamita 35 pampuyo siitulutsa kanthu, ndipo malita 35 imapereka pamene siikukweza konse. Inu werengani msinkhu wochoka pa madzi a m'thanki ya pansi kufika polowera pa thanki ya pamwamba, onjezerani mamita angapo a kukhulana, kenako pemphani wogulitsa akuonetseni tchati cha pampuyo kuti muone malita amene imapereka pa msinkhu umenewo. Pa nyumba yathu, nsanja itakwezedwa kufika pa mamita 9, mamita 11 a kukwera ndi ena atatu a kukhulana ndi 14, ndipo pampu yaing'ono ikwanira.

Pampu iikidwe pansi, pafupi ndi madzi amene ikutunga. Pampu imakankha kutali koma kukoka ili ndi malire, chifukwa chimene chimakweza madzi m'paipi yokokera ndi kulemera kwa mpweya wa m'mlengalenga, kumene kumakwanira mamita pafupifupi 10 a madzi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Pa ntchito yeniyeni malirewo ndi mamita 7 kapena 8, ndipo kumtunda ngati ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja, amachepanso ndi pafupifupi mita imodzi. Pampu yoikidwa padenga kuti izikoka madzi kuchokera pansi imangolira, madzi osabwera.

M'nyumba zazitali kwambiri vuto limatembenuka. Thanki imene ili mamita 30 pamwamba pa chipinda cha pansi imaika 3 bar pa mipope ya pansipo, ndipo mukawonjezera pampu kuti a pamwamba asangalale, a pansi amayamba kuona mapaipi ofewa akuphulika ndi mavalavu a zimbudzi akudontha. Kumeneko pampu iziperekera zipinda za pamwamba zokha, za pansi zizimwa ndi msinkhu, kapena pa nthambi zopita pansi paikidwe mavalavu ochepetsa pulesha.